Kupepesa Osagwada: Kalata ya kwa Kasitomala Katundu Akachedwa

Aliyense amene amagwira ntchito ya maoda, kaya ndi telala, kalipentala, wosindikiza mabuku kapena wonyamula katundu pa lole, tsiku lina adzaphonya tsiku limene analonjeza. Ambiri zikatere amathimitsa foni. Ena amayankha, koma mawu awo amakhala amodzimodzi: "Mawa, bwana, mawa ndithu zifika." Palinso ena amene kasitomala akangokweza mawu amachita mantha n'kuvomera chilichonse, mpaka kubweza ndalama zimene sanayenere kubweza. Onsewa amaluza. Woyamba ndi wachiwiri amaluza kasitomala, wachitatu amaluza mpamba. Kalata yolembedwa bwino imathandiza chifukwa imakakamiza mwini bizinesi kukhala pansi n'kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene pa foni zimasokonekera: cholakwa chimene ndi chake, ndi zimene kasitomala akungomusenzetsa chifukwa cha mkwiyo.

Kuti nkhani imveke, tiyerekeze mmisiri wina amene ali ndi shedi yowotcherera zitsulo ndi kupala matabwa. Pa 3 Ogasiti anagwirizana ndi mayi wina, mwini sukulu ya pulayimale yoyima payokha, kuti apanga madesiki 120 okhala ana awiriawiri, iliyonse pa K100,000. Zonse pamodzi ndi K12,000,000. Mayiwo anapereka dipoziti ya K7,200,000, ndipo pa kotesheni imene onse anasaina panalembedwa kuti madesiki afika Lachisanu pa 11 Seputembala, chifukwa sukulu itsegulira Lolemba lotsatira. M'munsi mwa pepalalo munalinso mzere wonena kuti katundu akachedwa, mmisiri adzachotsera sukulu K2 pa K100 iliyonse ya mtengo wa katundu wochedwayo pa sabata iliyonse.

Pa 11 Seputembala lole inatsitsa madesiki 80 okha. Dalaivala anati otsalawo ali m'njira. Sanali m'njira, anali asanadulidwe n'komwe. Patapita sabata, mayi aja anaimba foni atapsa mtima. Ana 80 akukhala pansi pa simenti, makolo akudandaula, ndipo akuti ana asanu achotsedwa kale pa sukulupo. Akufuna dipoziti yawo yonse ibwerere, apo ayi mmisiri achotse K1,000,000 pa ndalama zotsala.

Asanagwire cholembera

Ntchito yaikulu ya kalatayi imachitika isanalembedwe. Mmisiri ayenera kutenga kotesheni, marisiti ndi mauthenga a pa foni, n'kudzifunsa moona mtima kuti chinachitika n'chiyani.

Atafufuza, apeza zifukwa zitatu. Magetsi anazima masiku angapo, makina owotcherera n'kuima. Pa 24 Ogasiti mayi aja anaimba kuti desiki iliyonse ikhale ndi kashelefu koikapo mabuku, ndipo iye anayankha kuti palibe vuto. Chachitatu n'chakuti dipoziti itabwera anagula mapaipi okwana madesiki 80 okha, ndalama zina n'kuyambira ntchito ya mageti a munthu wina, poganiza kuti mapaipi otsalawo adzagula kumapeto kwa mwezi. Atabwerera kusitolo pa 1 Seputembala anapeza saizi imeneyo yatha, ndipo inafikanso pa 17.

Mtima umakokera ku zifukwa ziwiri zoyambazo, chifukwa zimaloza kwina. Koma tiziyeze. Za magetsi, munthu amene amawotcherera m'dziko muno amadziwa kuti magetsi amazima, ndipo tsiku limene amauza kasitomala liyenera kukhala litawerengera kale zimenezo. Mayi aja nawonso amakhala m'dziko lomweli, akawerenga za magetsi angoti, "Nanga simunkadziwa?" Za kashelefu, n'zoona kuti kanawonjezera ntchito, koma nthawi yonena kuti tsiku lisintha inali pa 24 Ogasiti pomwepo. Munthu amene anati palibe vuto sangabwere patapita milungu itatu n'kunena kuti vuto linalipo. Akanakhala kuti tsiku lomwelo anatumiza uthenga wakuti kashelefuko kawonjezera masiku anayi, lero akanatha kuutchula m'kalata kamodzi, mopanda chipongwe, ndipo masiku anayiwo akanachotsedwa pa kuchedwa kwake. Poti sanatero, nkhani ya kashelefu isalowe m'kalata. Chotsala ndi chifukwa chachitatu, ndipo n'chimene chinaimitsadi ntchito: ngakhale magetsi akanayaka usana ndi usiku, popanda mapaipi madesiki 40 sakanatheka.

Pali cholakwa chinanso chimene amalonda ambiri sachiona, chonsecho ndi chimene chimamupweteka kwambiri kasitomala. Mmisiriyu anadziwa pa 1 Seputembala kuti madesiki sakwana. Akananena tsiku limenelo, mayi aja akanakhala ndi pafupifupi milungu iwiri yofunafuna mabenchi obwereka ku tchalitchi kapena kwa anzawo a sukulu zina. M'malo mwake anadziwa vutolo lole itaima kale pabwalo la sukulu, ndipo anauzidwanso bodza. Kuchedwa kwa katundu munthu amatha kukumvetsa, pakuti naye ali ndi ake amene anawachedwetsapo. Chimene sachiiwala ndi kukhala chete kwa amene ankadziwa. Kalata yopepesa kuchedwa kokha, yosatchula za kukhala cheteko, yapepesa theka la mlandu.

Kenako pakubwera masamu a tsiku latsopano, ndipo pano pafunika kuuma mtima, chifukwa kuphonya kachiwiri n'koipa kuposa koyamba. Shediyo imamaliza madesiki asanu pa tsiku, ndiye 40 ndi masiku asanu ndi atatu. Akayamba Lachisanu pa 18, osawerengera Lamlungu, amaliza Loweruka pa 26. Vanishi wa omalizawo aume mpaka Lolemba, lole inyamuke Lachiwiri pa 29. Limenelo ndi tsiku la zonse zikayenda bwino, choncho si lolemba m'kalata. Awonjezerepo masiku atatu a magetsi, a wantchito kudwala kapena a maliro, n'kulemba Lachisanu pa 2 Okutobala. Onaninso kuti akulonjeza mapaipi ali kale m'shedi. Akanakhala kuti akudikirabe kusitolo, chanzeru chikanakhala kulemba tsiku limene adzapereke yankho lotsimikizika, m'malo molonjeza pa katundu amene ali m'manja mwa munthu wina.

Kalata yake

Nayi kalata imene mmisiriyu angalembe. Pamwamba pakhale dzina la bizinesi, keyala ndi tsiku, 18 Seputembala, monga mwa kalata zonse za ntchito.

Mayi,

KUCHEDWA KWA MADESIKI 40 PA ODA YA PA 3 OGASITI

Tinalonjeza kukupatsani madesiki 120 pa 11 Seputembala, koma tinabweretsa 80 okha. Talephera kusunga pangano lathu, ndipo tikupepesa. Tikudziwa kuti chifukwa cha ife ana 80 ayamba teremu opanda pokhala, ndipo inu ndi amene mukuyankha mafunso a makolo.

Chinachitika n'chakuti sitinagule mapaipi onse pa nthawi imodzi. Pamene tinkapita kukagula otsala pa 1 Seputembala tinapeza atha. Kulakwa kumeneku n'kwathu. Tinalakwanso posakuuzani tsiku lomwelo, ndipo zimene munamva pa 11 Seputembala zakuti madesiki otsala ali m'njira sizinali zoona.

Mapaipi anafika dzulo ndipo ntchito yayamba lero. Madesiki 40 afika pa sukulu panu pasanadutse Lachisanu pa 2 Okutobala. Lachisanu pa 25 Seputembala ndidzakuimbirani ine mwini ndi kukutumizirani zithunzi za amene atha. Podikira, Lolemba pa 21 Seputembala m'mawa tibweretsa mabenchi 20 oti ana azikhalapo. Ndalama zobwerekera ndi zonyamulira mabenchiwo ndi zathu.

Monga tinagwirizana pa kotesheni, tichotsa K240,000 chifukwa cha kuchedwa kwa milungu itatu. Motero ndalama zotsala zikhala K4,560,000 m'malo mwa K4,800,000, zolipira madesiki onse akafika.

Pa pempho lanu loti tibweze dipoziti kapena tichotse K1,000,000, sitingathe kutero. Madesiki 80 amene munalandira ndi a K8,000,000, kuposa dipoziti imene munapereka, ndipo ndalama yochotsera pa kuchedwa ndi imene tonse tinasainira. Koma ngati pa 2 Okutobala madesiki 40 adzakhale asanafike, muli ndi ufulu wothetsa oda ya otsalawo. Zikadzatero mudzangolipira K560,000 yotsala pa madesiki amene muli nawo kale.

Chonde tidziwitseni pofika Lolemba ngati tsiku la 2 Okutobala mwalivomera.

Ine wanu,

(dzina, udindo ndi nambala ya foni ya mwini bizinesi)

Kalatayi ndi ya tsamba limodzi, ndipo iyenera kutero. Kalata yopepesa ikafika masamba awiri, nthawi zambiri tsamba lachiwirilo limakhala lodziikira kumbuyo.

Chimene ndime iliyonse ikuchita

Chiganizo choyamba chilibe malonje ataliatali. Sichikufunsa za moyo wa kunyumba, sichikuthokoza chifukwa cha ubale wa zaka zambiri. Pa chikhalidwe chathu kuyamba nkhani mosapereka moni kumaoneka ngati mwano, koma moniwo malo ake ndi pa foni imene mmisiri aimbe asanatumize kalata, kapena pakhomo pa ofesi akapita nayo yekha. Munthu wokwiya akatsegula envelopu amafuna kuona ngati wolembayo akudziwa chimene wachita. Akaona manambala ake enieni, 120, 80, pa 11 Seputembala, amadziwa kuti kalatayi yalembedwera iye, si yongosintha dzina pamwamba.

Mawu opepesa abwera kamodzi kokha, ndipo alibe "ngati". Pali kalembedwe kena kofala m'maofesi kakuti, "Tikupepesa ngati kuchedwaku kwakusokonezani." Kodi pali chikaiko chanji pamene ana akukhala pa simenti? "Ngati" ameneyo amauza kasitomala kuti mwina vuto ndi mtima wake wosachedwa kupsa. Chimodzimodzinso ziganizo zobisa wochita, monga "panachitika zovuta zina" kapena "katundu anachedwetsedwa". Zovuta sizichitika zokha. Alipo amene sanagule mapaipi. Kumbali inayo kuli kupepesa kosefukira, kwa "pepani kwambiri, tachita manyazi osaneneka, tikhululukireni chonde" m'ndime iliyonse. Kumeneko kumasandutsa kalata kukhala ya manyazi a wolemba, ngati kuti mayi aja ndi amene ayenera kumutonthoza. Komanso munthu amene wagwada m'ndime zinayi savutika kumukankha pa ndime yachisanu: akadzati sangachotse K1,000,000, kukanako sikumveka.

Ndime ya chifukwa ndi yaifupi dala. Yanena zoona zokwanira kuti kuchedwako kumveke, osapitirira. Wina angafunse kuti bwanji sananene za mageti a munthu wina aja. Ine ndikuona kuti sakukakamizidwa kuulula mmene amayendetsera ndalama za bizinesi yake. Chimene mayi aja ayenera kudziwa n'chakuti mapaipi sanagulidwe pa nthawi yake ndipo wolakwa ndi mmisiri. Kusiya mfundo n'kosiyana ndi kunama. Akanalemba kuti katundu anagwidwa pa chipata cha Mwanza kapena kuti sitima inachedwa ku Beira, limenelo likanakhala bodza, ndipo bodza lolembedwa limakhala m'faelo. M'matauni athu anthu amadziwana. Mayi aja akhoza kukhala kuti amagula simenti pa sitolo yomweyo ya mapaipi.

Onaninso mmene nkhani ya dalaivala yalembedwera. Kalata ikuvomera kuti zimene mayi anamva sizinali zoona, koma sikutchula dalaivalayo kapena kumuponyera mlandu. Kasitomala anapangana ndi bizinesi, osati ndi anyamata a m'shedi. Bwana wolemba kuti "mnyamata wathu ndi amene anasokoneza" amaoneka wosadziwa kuyendetsa anthu ake, ndipo anyamatawo akamva amaphunzira kubisa zolakwa.

Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda, ndipo n'chifukwa chake ndime yachitatu ndi imene mayi aja adzaiwerenge kawiri. Muli masiku atatu, lililonse ndi chinthu chogwirika: mabenchi pa 21, foni ndi zithunzi pa 25, madesiki pa 2. Mawu ngati "posachedwapa" kapena "tiyesetsa" alibemo, chifukwa palibe amene angawalembe pa kalendala. Mabenchi aja mwina ndi amene ali ndi mphamvu kuposa ndalama zochotsedwazo. Vuto la mayiwo Lolemba m'mawa si K240,000, koma kholo limene lidzasuzumire m'kalasi. Wolemba kalata yotere adzifunse kuti kuchedwaku kwamuika kasitomala pa vuto lanji lero, ndipo n'chiyani chotsika mtengo chimene chingamupepukitse podikira. Kwa telala amene wachedwetsa mayunifomu, mwina n'kutumiza kaye a kalasi imodzi. Kwa wosindikiza, mwina n'kupereka makope ochepa oti msonkhano uyambire.

Tsiku la pakati lija, la zithunzi, lili ndi ntchito ziwiri. Likupatsa kasitomala umboni asanafike pa tsiku lomaliza, komanso likumumanga mmisiri mwini. Akafika pa 25 ali ndi madesiki 12 okha, adziwa kuti masamu ake apotoka pamene nthawi yobwereka jenereta kapena kuitana wowotcherera wina ikadalipo.

Pokana

Ndime yokana ndi imene ambiri amaiopa, motero amaisiya poganiza kuti nkhaniyo izizira yokha. Siizizira. Mayi aja anatchula K1,000,000 pa foni. Kalata ikapanda kuyankhapo, adzachotsa ndalamayo okha pa tsiku lolipira n'kunena kuti palibe amene anakana. Kukana kulembedwe poyera, kamodzi, m'chiganizo chachifupi, chifukwa chake chitsatire pomwepo. Malo ake ndi kumunsi, kupepesa ndi kukonza zitadutsa. Kukakhala pamwamba, zonse zotsatira zimawerengedwa ndi munthu amene wakwiya kale kachiwiri.

Chimene chikumupatsa mmisiri mphamvu yokana si kulimba pakamwa, koma pepala ndi masamu. Lamulo la Sale of Goods Act, limene Malawi anatengera ku lamulo la ku Mangalande la 1893, limanena kuti wogula akapatsidwa katundu wochepa kuposa amene anagwirizana akhoza kumukana, koma akamulandira ayenera kulipira pa mtengo wa panganolo. Mayi aja akanatha kubweza lole ija pa 11 Seputembala. Anasankha kutsitsa madesikiwo ndipo ana akuwagwiritsa ntchito, choncho K8,000,000 ndi yoti ilipidwe. N'zothandiza kuti mmisiri adziwe zimenezi, koma asazilembe m'kalata yoyamba. Kalata yopepesa ikatchula lamulo, wowerenga amamva kuti akuopsezedwa, ndipo naye amayamba kufunafuna loya. Manambala okha akukwanira.

Nanga ana asanu amene akuti achoka? Kalata sikutsutsa kuti achoka, sikunenanso kuti mayiwo akukokomeza. Kulowa m'mkangano umenewo n'kutaya nthawi, pakuti mmisiri sangadziwe chimene chinali m'mitima ya makolowo. Mwina ndi fizi, mwina asamuka. Yangoloza ku ndalama imene awiriwa anagwirizana pasadakhale. Phindu la mzere uja wa m'munsi mwa kotesheni ndi limenelo: unalembedwa pamene onse anali osakwiya, kuti tsiku ngati lino pasakhale kuyerekeza.

Maoda ambiri alibe mzere wotero. Pamenepo muyezo umene makhoti otsatira malamulo a ku Mangalande, kuphatikizapo athu, amagwiritsa ntchito unachokera pa mlandu wa chigayo. M'chaka cha 1854 khoti la kumeneko linagamula mlandu wa Hadley ndi Baxendale. Shafuti ya chigayo cha a Hadley ku Gloucester inathyoka, ndipo anaipereka kwa kampani yonyamula katundu kuti ipite nayo ku Greenwich, kumene amisiri akanaonera popanga yatsopano. Onyamulawo anachedwa nayo masiku angapo, chigayo chinaima nthawi yonseyo, ndipo eni chigayo anafuna kulipidwa phindu limene anataya. Khoti linakana. Linati wophwanya pangano amalipira zotayika zimene zimabwera mwachibadwa pa kuphwanyako, kapena zimene onse awiri akanaziganizira pa nthawi yopangana; onyamulawo sakanadziwa kuti eni chigayo alibe shafuti ina yapadera. Kwa wolemba kalata, phunziro lake ndi funso limodzi: pa tsiku limene tinkapangana, kodi ndinkadziwa kuti ndikachedwa chinthu ichi chichitika? Mmisiri wathu ankadziwa kuti sukulu itsegulira pa 14. Choncho mayi aja akanabwereka okha mabenchi, ndalama imeneyo ikanakhala yoti iye abweze mosanyinyirika. Koma kasitomala akadzati chifukwa cha madesikiwo walephera kupeza thandizo la bungwe lina limene sanalitchulepo n'kale lomwe, pamenepo mmisiri akhoza kukana mwaulemu.

Muyezo womwewu umathandiza kuona ngati kalata yapitirira malire. Kuvomera zimene zinachitika, monga tsiku, chiwerengero ndi chifukwa, sikumuonjezera mlandu wolembayo, chifukwa zimenezo kasitomala ali nazo kale umboni. Choopsa ndi ziganizo zopanda mpanda, zolembedwa pofuna kuziziritsa mtima: "Chilichonse chimene mwataya tidzabweza." Chiganizo chimenecho chikasainidwa, fizi ya ana asanu aja yalowamo. Ngati ndalama zimene zikukanganidwa n'zazikulu moti zingagwetse bizinesi, kalatayo ionedwe ndi loya isanatumizidwe. Koma ngakhale pamenepo foni yodziwitsa za tsiku latsopano isadikire.

Khomo lotulukira

Chiganizo chopatsa mayi aja ufulu wothetsa oda chimaoneka ngati mmisiri akudzitchera yekha msampha. Koma ufulu umenewo kwenikweni ali nawo kale. Pa mlandu wina wa ku Mangalande, wa Charles Rickards ndi Oppenhaim, wogamulidwa mu 1950, munthu anaoda kuti amupangire bodi ya galimoto ya Rolls-Royce, yoti ithe mu Malichi 1948. Sinathe, koma iye anapitiriza kudikira ndi kukumbutsa. Chakumapeto kwa Juni analemba kuti ikapanda kufika m'milungu inayi saidzalandira. Galimotoyo inatha mu Okutobala, iye anaikana, ndipo khoti linati analondola: wogula amene walekerera tsiku loyamba akhoza kuikanso tsiku lomaliza, bola apereke nthawi yokwanira. Choncho mayi aja akhoza kudziikira okha tsiku, mwinanso lapafupi kuposa 2 Okutobala. N'kwabwino kuti mmisiri atchule yekha tsiku limene wawerengera bwino, pamodzi ndi ndalama yeniyeni yotsala zikadzalephereka, kusiyana n'kudikira kuti amuikire. Ndipo lonjezo limene wolonjezayo wadziikirapo chilango limakhulupirika kuposa malumbiro.

N'chifukwa chakenso kalata ikutha ndi pempho loti avomere tsikulo. Yankho lawo, ngakhale likhale uthenga wa mawu awiri pa WhatsApp, likusandutsa 2 Okutobala kukhala pangano latsopano la anthu awiri, osati maganizo a mmisiri yekha. Uthenga umenewo usungidwe.

Za katumizidwe, foni iyambe, kalata itsatire tsiku lomwelo. Pa foni mmisiri anene mwachidule zomwe zili m'kalatamo ndipo amvetsere, ngakhale mawu akhale owawa, koma asalonjeze china chimene m'kalata mulibe. Ambiri amagwa pamenepa: pepala likuti K240,000, pakamwa pakuti "tikambirana, mayi, musadandaule", ndipo kasitomala amasunga za pakamwazo. Asaine mwini bizinesi, amene ali ndi mphamvu yochotsa ndalama, osati kalaliki. Akatha kupita nayo yekha ndi bwino koposa, atatenga makope awiri kuti ku ofesi ya sukulu adinde imodzi abwerere nayo.

Mayi aja akhoza kuyankha kuti sakuvomera, akufunabe K1,000,000. Kalata yachiwiri ikhale yaifupi kuposa yoyamba. Isapepesenso mwatsopano ngati kuti kupepesa koyamba kunali kosakwanira, ndipo isasinthe manambala chifukwa choti mawu akwera. Inene kuti yankho lawo lalandiridwa, zimene zinalembedwa pa 18 Seputembala zidakali chomwecho, mabenchi abwera monga analonjezera, ndipo ngati pali ndalama ina imene anawononga chifukwa cha kuchedwaku atumize risiti kuti ionedwe. Mmisiri akasankha kuwonjezerapo kanthu pofuna kusunga kasitomala amene chaka chamawa adzafunanso madesiki, ndi ufulu wake, koma alembe momveka kuti akuchita zimenezo mwa kufuna kwake ndipo nkhani ya kuchedwaku ikuthera pomwepo. Pa tsiku lotsitsa madesiki, wa ku sukulu awawerenge n'kusaina kuti alandira 40, ndipo invoisi ionetse K240,000 ija pa mzere wakewake, kuti wosunga ndalama za sukulu asavutike kuona kumene K4,560,000 yachokera.